Kulemba Lipoti la Kagwiridwe ka Ntchito Mopanda Tsankho

Chiyambireni ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu mu 1998, makomiti a m'midzi akhala ndi udindo woyang'anira ntchito zambiri za chitukuko. Komiti ya sukulu imalemba maganizo ake pa aphunzitsi, komiti ya pachipatala imapereka ndemanga pa alangizi a zaumoyo, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya m'dera imafunsidwa kunena momwe folomani wa pamsewu, mlezi wa sukulu ya mkombaphala kapena wokonza mjigo wagwirira ntchito. Mawu olankhula pamsonkhano amapita ndi mphepo, koma mawu olembedwa amakalowa m'failo. Pakadzapezeka mwayi wa maphunziro, wa kontilakiti yatsopano kapena wokwezedwa pantchito, akuluakulu amene sanamuonepo munthuyo amatsegula failo ija n'kukhulupirira zimene apezamo.

Phunziro lino likunena za vuto limodzi limene limalowa m'malipoti otere mwakachetechete. Nthawi zambiri olemba sakhala ndi cholinga choipa, komabe mawu amene asankha amapondereza munthu chifukwa choti ndi wamkazi, ndi wachinyamata, ndi wobwera, ndi waulumali kapena ndi wa chipani china.

Zimene malamulo amanena

Gawo 20 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho la mtundu uliwonse. Lamulo la ntchito la mu 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala wantchito chifukwa choti ndi wamwamuna kapena wamkazi, chifukwa cha mtundu wake, chilankhulo, chipembedzo, maganizo ake pa ndale, ulumali, kukhala kapena kusakhala pabanja, ngakhalenso udindo umene ali nawo wosamalira banja. Lamulo lomweli limapatsa mayi tchuthi chokachira cha masabata osachepera 8 pa zaka zitatu zilizonse, ndipo malipiro ake saduka. Limanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mwayi wodziteteza, ndipo nkhani ikafika kubwalo, wolemba ntchito ndiye amene ayenera kupereka chifukwacho.

Palinso lamulo la mu 2013 loona kuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi. Ili limafuna kuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa anthu 100 alionse. Komatu chiwerengero chotere sichingapindule kanthu ngati amayi amene alowa pakhomo lakutsogolo akutulutsidwa pakhomo lakumbuyo ndi malipoti okondera. Anthu ongodzipereka, monga alezi ambiri a mkombaphala, sali pa kontilakiti ngati ya wantchito wa boma, koma malamulo aakulu a dziko amawateteza chimodzimodzi.

Momwe tsankho limaonekera papepala

Mu 2014, katswiri wa zilankhulo wa ku Amereka, Kieran Snyder, anasonkhanitsa malipoti 248 a anthu ogwira ntchito m'makampani a zamakompyuta. Mwa malipoti 83 a amuna amene munali chodzudzula, 2 okha ndi amene ankadzudzula chikhalidwe cha munthuyo. Ena onsewo ankanena za ntchito ndi luso loyenera kuwonjezera. Mwa malipoti 94 a akazi amene munali chodzudzula, 71 ankanena za chikhalidwe, monga kuti mayiyo ndi waukali kapena kuti achepetseko mawu. Chodabwitsa n'chakuti mabwana aakazi ankalemba chimodzimodzi ndi mabwana aamuna. Mu 2016, Shelley Correll ndi Caroline Simard a ku yunivesite ya Stanford anapezanso kuti akazi kawirikawiri amalandira ndemanga zosalunjika, pamene ndemanga za amuna zimatchula zotsatira zenizeni za ntchito yawo.

Kafukufuku ameneyu anachitikira kutali, koma aliyense amene wakhalapo mu komiti angazindikire mawu ofanana nawo m'Chichewa. Mwamuna akakana zachinyengo amatchedwa wolimba mtima, mkazi akakana zomwezo amatchedwa wamakani. Mwamuna akalankhula kwambiri pamsonkhano amati ndi wodziwa kufotokoza, mkazi amati ndi wolongolola. Njira zinayi zotsatirazi ndizo zimaoneka kawirikawiri.

Njira yoyamba: kuweruza munthu m'malo mwa ntchito

Mawu monga "wamwano", "wodzimva", "waukali" ndi "wamatama" sanena chimene chinachitika. Amangonena momwe wolembayo anamvera mumtima. Wowerenga sangathe kutsimikiza ngati ndi zoona, ndipo wodzudzulidwayo sadziwa choti asinthe mawa m'mawa.

Poyamba: "Mayi Uje ndi amwano ndipo salemekeza akuluakulu."

Atakonza: "Pamsonkhano wa mwezi wa Meyi, Mayi Uje anadula mawu wapampando kawiri pamene ankafotokoza za ndalama za simenti. Mfundo yawo yoti malisiti awiri akusowa inali yoona ndipo inathandiza komiti. Akupemphedwa kuti azidikira kupatsidwa mpata asanalankhule."

Lipoti lachiwirili silinabise cholakwa. Lanena tsiku, chochitika ndi chofunika kusintha, komanso lasunga mfundo imene lipoti loyamba linaikwirira, yakuti mayiwo anatulukira vuto la ndalama.

Njira yachiwiri: mawu okoma opanda kanthu m'kati

Tsankho lina limabwera ngati chiyamikiro, ndipo n'lovuta kulizindikira chifukwa palibe amene amadandaula akayamikiridwa. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poyamba: "Mayi Uje ndi ofatsa, aulemu, ndipo amasamalira ana ngati awo. Ndi mayi weniweni."

Atakonza: "Mayi Uje anatsegula sukulu ya mkombaphala masiku onse amene anagwirizana ndi komiti. Anayendera makomo a ana amene anasiya kubwera, ndipo ana olembetsa anachoka pa 38 kufika pa 52 m'chaka chimodzi. Kaundula wa ufa wa phala ndi wolongosoka mwezi uliwonse. Akufunika maphunziro a kasamalidwe ka ana aulumali, popeza pasukulupo pali ana atatu otere."

Ofesi ya zachisamaliro cha anthu ikamasankha alezi oti akaphunzire, imafuna umboni wa luso. Lipoti loyamba limasonyeza munthu wabwino mtima, koma silipereka chifukwa chilichonse choti asankhidwe. Mnzake amene lipoti lake latchula manambala ndiye adzapita, ngakhale ntchito yake ikhale yochepa.

Njira yachitatu: kulowetsa za pakhomo m'lipoti la ntchito

Za pakati, za ana, za kutha kwa ukwati, za kavalidwe ndi za mwamuna wa munthu zimatchulidwa kwambiri m'malipoti a akazi, koma sizioneka m'malipoti a amuna, ngakhale nawonso ali ndi mabanja.

Poyamba: "Ngakhale kuti ali ndi mwana wamng'ono, Mayi Uje amayesetsa. Koma chaka chino anajomba kwambiri chifukwa cha uchembere, ndiye sitingawadalire pa udindo waukulu."

Atakonza: "M'miyezi imene anali pantchito, Mayi Uje anachititsa sikelo ya ana m'midzi yawo yonse mwezi uliwonse, kupatula kamodzi mu Febuluwale pamene mtsinje unadzaza. Malipoti a katemera ankafika pachipatala pa nthawi yake."

Tchuthi chokachira ndi ufulu wa mwalamulo, choncho kuchitcha kujomba n'kulakwa. Ntchito iyezedwe pa nthawi imene munthu anali pantchito. Mawu akuti "ngakhale kuti" nawonso ndi ofunika kusamala nawo, chifukwa amauza wowerenga kuti wolembayo ankayembekezera kuti munthuyo alephera. Ngati wantchito amafikadi mochedwa, lipoti linene masiku amene anachedwa ndi zimene zinasokonekera. Chifukwa chake achinene mwini wake akafuna.

Njira yachinayi: mtundu, msinkhu, ulumali, matenda ndi ndale

Tsankho silikhudza akazi okha. Amuna nawonso amapwetekeka ndi mawu onena za kumene anachokera kapena momwe thupi lawo lilili.

Poyamba: "Mphunzitsiyu ndi wobwera, sadziwa chikhalidwe chathu, ndipo akadali mwana."

Atakonza: "Bambo Uje anakweza chiwerengero cha ophunzira okhoza masamu mu Sitandade 6. Anaitanitsa msonkhano wa makolo kawiri osadziwitsa nyakwawa, ndipo makolo anafika ochepa. Akulangizidwa kuti uthenga wa misonkhano uzidzera kwa mfumu ndi kwa komiti."

Poyamba: "Bambo Uje amadwaladwala, anthu akuti amamwa mankhwala otalikitsa moyo, ndiye ntchito ya mjigo ikuwakanika."

Atakonza: "Mijigo 9 mwa 11 imene Bambo Uje amayang'anira ikutulutsa madzi. Iwiri yakhala yowonongeka kwa miyezi iwiri. Umodzi ukudikira zipangizo zimene komiti ya mjigo sinagule, ndipo winawo sanaupitire ngakhale anauzidwa katatu."

Za matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Lamulo la mu 2018 lokhudza kachilombo koyambitsa Edzi limaletsa kusala munthu pa chifukwa chimenechi, ndipo kulemba mphekesera yotere m'lipoti kungaike komiti pamlandu. Chimodzimodzinso za ulumali ndi za khungu lachialubino. Ngati wantchito akusowa chinthu choti chimuthandize, monga kugwira ntchito pamthunzi dzuwa likakula, imeneyo ndi nkhani yoti komiti ikonze, osati chilema choti chilembedwe pa dzina lake. Mawu akuti "ndi wa chipani chakuti" kapena "sagwirizana ndi akhansala" alibenso malo m'lipoti la ntchito.

Chitsanzo chathunthu: mafolomani awiri pamsewu umodzi

Chitsanzo chotsatirachi n'chongoyerekeza, koma zochitika zake n'zodziwika m'mawodi ambiri. Komiti ya chitukuko ya m'dera inagawa msewu wa makilomita 4 kwa magulu awiri. Gulu lililonse linali ndi anthu 50, zida 50 ndi masiku 24 oti lilambule makilomita 2 ndi kukumba ngalande. Gulu loyamba linkatsogoleredwa ndi mayi, lachiwiri ndi bambo. Ntchito itatha, khonsolo inapempha malipoti kuti isankhe folomani mmodzi woyang'anira gawo lotsatira. Mlembi wa komiti analemba motere.

Za mayi: "Mayi Uje ndi olimbikira koma ndi aukali kwambiri. Anakangana ndi abambo angapo ndipo anthu ena akuwadandaula. Gulu lawo linachita bwino chifukwa munali anyamata amphamvu. Akuyenera kuphunzira kudzichepetsa."

Za bambo: "Bambo Uje ndi mtsogoleri wolimba amene salekerera ulesi. Anakumana ndi mavuto osiyanasiyana koma anayesetsa. Ali ndi tsogolo labwino pa ntchito ya ufolomani."

Aliyense wowerenga mapepala awiriwa angasankhe bamboyo. Koma membala wina wa komiti anapempha kuti asanasaine, atsegule makaundula ndi buku la zida. Anapeza kuti gulu la mayi linamaliza makilomita 2 m'masiku 22 ndipo zida zonse 50 zinabwezedwa. Mkangano uja unabuka chifukwa abambo atatu ankatumiza ana awo a sukulu kuti akagwire ntchito m'malo mwawo, ndipo mayiwo anabweza anawo n'kukana kuchonga mayina a abambowo. Tsiku lina anawadzudzula mokweza mawu pamaso pa gulu lonse. Gulu la bambo linalambula mamita 1,700 m'masiku 24, ndipo zida 6 zinasowa. Komabe mbali yawo inali ndi dambo limene linawachedwetsa masiku atatu. Nawonso bambowo anakalipira ochedwa pagulu kangapo.

Zolakwa za malipoti oyamba aja zinaonekera poyera. Kukalipa kumodzimodzi kunatchedwa ukali kwa mayi ndi utsogoleri kwa bambo. Kupambana kwa mayi kunaperekedwa kwa anyamata a m'gulu lawo, pamene kuperewera kwa bambo kunaikidwa pa mavuto osatchulidwa. Mawu akuti "anthu ena akuwadandaula" anabisa mfundo yakuti odandaulawo anali omwe ankaphwanya malamulo a ntchitoyo. Mayi anayezedwa pa zimene anachita kale, bambo pa zimene akuyembekezeka kudzachita. Ndipo m'malipoti onse awiri munalibe nambala ngakhale imodzi. Komiti inalembanso motere.

Za mayi: "Gulu la Mayi Uje linamaliza makilomita 2 m'masiku 22 mwa 24, pamodzi ndi ngalande zonse. Zida 50 zinabwezedwa zonse, ndipo kaundula akugwirizana ndi zimene komiti inapeza itayendera kawiri. Anabweza ana amene ankatumizidwa kudzagwira ntchito m'malo mwa makolo awo, monga momwe malamulo a ntchitoyi amafunira. Tsiku lina anadzudzula abambo atatu pagulu, zimene zinaimitsa ntchito kwa ola limodzi. Akulangizidwa kuti nkhani zotere azikambira pambali kapena kuzitula ku komiti."

Za bambo: "Gulu la Bambo Uje linalambula mamita 1,700 mwa 2,000 m'masiku 24. Dambo linachedwetsa ntchito masiku atatu, ndipo njira imene anasankha yotulutsira madzi padambopo inagwira bwino. Zida 6 mwa 50 sizinabwezedwe chifukwa buku la zida silinkalembedwa tsiku lililonse. Anadzudzula ochedwa pagulu kangapo. Akulangizidwa kuti aziwerenga zida madzulo alionse ndiponso kuti nkhani za ochedwa azikambira pambali."

Malipoti atsopanowa atsata mitu yofanana: kuchuluka kwa ntchito, zida, kaundula, kakhalidwe ndi antchito, ndi choyenera kukonza. Palibe amene wanamiziridwa kapena kukometseredwa. Bamboyo nayenso wapindula, chifukwa luso lake la padambo lalembedwa ndipo wauzidwa za buku la zida, zimene lipoti lomuyamikira lija silinamuuze. Khonsolo tsopano ingasankhe ikudziwa zoona zake.

Ndondomeko yoti komiti itsate

Choyamba chimachitika ntchito isanayambe. Komiti ndi wantchito agwirizane mfundo zitatu kapena zinayi zimene adzayezedwe nazo, ndipo zilembedwe m'maminitsi. Muyezo ukakhala wosadziwika, wolemba amadzaza mpatawo ndi zimene anazolowera kuganiza za amayi, achinyamata kapena obwera. Choopsa china n'chakuti muyezo umasintha malinga ndi munthu, moti kwa wina chofunika chimakhala liwiro, kwa wina ulemu.

Chachiwiri ndi kusunga kabuku ka zochitika chaka chonse. Mzere umodzi pa ulendo uliwonse woyendera ntchito ndi wokwanira: tsiku, chimene chinaoneka, ndi amene anaona. Popanda kabuku, mlembi amakumbukira za sabata yatha zokha kapena mkangano umodzi umene unamveka m'mudzi monse, ndipo ntchito yabwino ya miyezi khumi imaiwalika.

Chachitatu ndi kamangidwe ka ndemanga. Ndemanga iliyonse iyankhe mafunso atatu: kodi chinachitika n'chiyani ndipo liti, kodi zotsatira zake zinali zotani, nanga chofunika kupitiriza kapena kusintha n'chiyani. Mawu ofotokoza munthu, monga "waulesi" kapena "wakhama", akalowa m'lipoti, wolemba adzifunse kuti anaona chiyani ndi maso. Akapeza yankho, alembe yankholo n'kufufuta mawu aja. Akapanda kulipeza, ndiye kuti analemba mphekesera.

Chachinayi ndi kusinthanitsa mayina. Wolemba awerenge lipoti mokweza ataika "Bambo" pamene pali "Mayi", kapena dzina la mwana wa m'mudzimo pamene pali la wobwera. Chiganizo chakuti "Bambo Uje akuyenera kuphunzira kudzichepetsa ndipo azivala modzilemekeza" chikamveka chachilendo, ndiye kuti chinali chokondera kuyambira pachiyambi.

Chachisanu ndi kuyala malipoti onse pamodzi asanatumizidwe. Tsankho silioneka bwino papepala limodzi, limaoneka mapepala akayandikana. Komiti iwerenge kuti ndi malipoti angati a amuna amene ali ndi manambala, nanga a akazi ndi angati. Ione amene alembedwa mizere iwiri ndi amene alembedwa tsamba lonse, amene apatsidwa malangizo omveka, ndi amene atchulidwa kuti angakwezedwe. Ntchitoyi imafuna anthu osachepera awiri, mwamuna ndi mkazi, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Membala amene ali pachibale kapena pamkangano wa malo ndi wantchitoyo anene poyera ndipo asalembe nawo.

Chomaliza ndi kumupatsa mwini wake lipotilo kuti awerenge, kapena amuwerengere ngati satha kuwerenga, ndi kusiya malo oti alembe yankho lake asanasaine. Kusaina kumasonyeza kuti waona lipotilo, sikutanthauza kuti wavomereza zonse. Amene akuona kuti walakwiridwa angadandaule kwa wapampando wa komiti ya m'dera kapena kwa mkulu wa nthambi yokhudzidwa ku khonsolo. Wolembedwa ntchito angapitenso ku ofesi ya zantchito ya pa boma.

Zimene njirazi sizingathetse

Makomiti ena akamva za tsankho amayamba kuopa kudzudzula amayi kapena anthu aulumali, n'kumangolemba kuti zonse zili bwino. Kumeneko n'kubwerera ku njira yachiwiri ija. Munthu amene sauzidwa cholakwa chake sakula pantchito, ndipo tsiku lomuchotsa likadzafika amadabwa. Ngati mayi wosunga chuma sanaonetse malisiti a ndalama za mjigo, lipoti linene kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku limene anafunsidwa, monga momwe likananenera kwa bambo.

Manambala nawonso angathe kunamiza. Mlangizi wa zaumoyo amene ali ndi njinga ndi midzi yoyandikana adzafikira makomo ambiri kuposa mnzake woyenda pansi m'mapiri. Mphunzitsi wa kalasi ya ana 120 sangayezedwe ngati wa ana 50. N'chifukwa chake lipoti la bambo folomani linatchula dambo. Mfundo ndi yakuti zovuta za ntchito zitchulidwe kwa onse, osati kwa okondedwa okha.

Kusinthanitsa mayina kumagwira mawu okondera, koma sikungagwire tsankho limene linachitika pogawa ntchito. Ngati amayi nthawi zonse amapatsidwa kutunga madzi ndi kuphikira alendo, pamene amuna amapatsidwa kuyeza msewu ndi kugula zipangizo, malipoti olembedwa mwachilungamo adzasonyezabe kuti amuna ndiwo ali ndi luso la utsogoleri. Komiti ikaona zotere poyala malipoti, ikonze kagawidwe ka ntchito m'gawo lotsatira.

Palinso nkhani zimene siziyenera kubisika m'mawu ofewa a lipoti. Ngati wantchito wamkazi wayamba kulembedwa zoipa atangokana kufunsiridwa ndi womuyang'anira, imeneyo ndi nkhanza yokhudza kugonana, imene lamulo la mu 2013 lija limaletsa. Chizindikiro chake n'chakuti malipoti amene anali abwino zaka zonse amasintha mwadzidzidzi popanda chochitika chotchulidwa. Nkhani yotere ipite kwa akuluakulu a khonsolo, ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe.

Ntchito yoti makomiti achite pamsonkhano wotsatira

Mamembala akhale awiriawiri ndipo akonze ziganizo zitatu izi, poyamba atchule vuto lake, kenako alembe mafunso amene angafunse kuti apeze zoona.

1. "Mtsikanayu amagwira ntchito ngati mwamuna."

2. "Agogowa ndi okalamba, zamakono sangazithe."

3. "Mayiwa amathandizidwa ndi amuna awo powerengera ndalama, n'chifukwa chake mabuku ali bwino."

Chiganizo choyamba chikuoneka ngati chiyamikiro, koma chikunena kuti ntchito yabwino ndi ya amuna, ndipo sichikutchula chimene mtsikanayo anachita. Chachiwiri chikulosera kulephera popanda umboni, pamene funso loyenera n'lakuti kodi anaphunzitsidwa, nanga ataphunzitsidwa chinawakanika n'chiyani. Chachitatu chikulanda mayi ntchito yake n'kuipereka kwa munthu amene sali mu komiti. Ngati mabuku ali bwino, lipoti linene kuti mabuku ali bwino, ndipo litchule mwezi umene anawunikidwa.

Akamaliza, mlembi atulutse malipoti a chaka chatha, aphimbe mayina ndi pepala, ndipo mamembala ayese kulota ngati lipoti lililonse likunena za mwamuna kapena mkazi. Ngati ambiri akulota molondola pongoona mawu amene anagwiritsidwa ntchito, komitiyo yadziwa poyambira kukonza malipoti a chaka chino asanapite ku khonsolo.